Momwe mungayankhire kasitomala wokwiya amene wakupatsani nyenyezi imodzi pa Google

Munthu amene akufuna keke ya tsiku lobadwa, loji yogona usiku umodzi kapena galaja yokonza mabuleki mu Blantyre muno, masiku ano amayamba wafunsa foni yake. Akalemba pa Google Maps zimene akufunazo, dzina la bizinesi yanu limabwera limodzi ndi nyenyezi zake, ndipo ambiri sataya nthawi ndi ndemanga zokutamandani. Amathamangira ya nyenyezi imodzi ija kuti aone chinalakwika n'chiyani, kenako amayang'ana pansi pake pamene palembedwa kuti Response from the owner. Yankho lanu limakhala pamenepo zaka ndi zaka. Choncho musanalembe chilichonse, dziwani kuti amene mukumulembera kwenikweni si wokwiyayo ayi. Iye mwina sadzabweranso. Mukulembera mayi wa ku Chilomoni amene adzawerenge mawu anuwo miyezi isanu ndi umodzi kutsogoloku ali ndi ndalama m'manja, akuganiza zoti akupatseni oda kapena apite kwina.

Kwa bizinesi yaing'ono, nyenyezi imodzi imapweteka kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tinene kuti muli ndi ndemanga 12 ndipo zonse pamodzi zikukupatsani 4.5. Ndiye kuti nyenyezi zanu zonse ndi 54. Ikabwera imodzi ija, zimakhala 55 zogawidwa kwa anthu 13, ndipo mumatsikira pa 4.2. Kuti mubwererenso pa 4.5 pakufunika anthu asanu ndi awiri otsatizana okupatsani nyenyezi zisanu zonse. Zimenezi sizichitika sabata imodzi. Chimene mungachite lero lomwe ndi yankho basi, chifukwa Google sipatsa mwini bizinesi mphamvu yofufuta ndemanga ya munthu wina.

Tiyerekeze nkhani imodzi kuti tiyende nayo mpaka kumapeto. Muli ndi kashopu kophika makeke ku Chitawira. Lamlungu m'mawa mukudzuka n'kupeza uthenga woti wina walemba izi:

"Anthu awa ndi akuba. Ndinalipira K65,000 yonse Lachitatu kuti keke ya mwana wanga ifike ku Machinjiri 2 koloko Loweruka. Inafika 4:30 alendo atayamba kubalalika, kirimu atapakika m'bokosi monse, dzina la mwana silikuwerengeka. Ndinaimba kambirimbiri osayankha. Musayerekeze kugula kuno."

Choyamba: musayankhe, fufuzani

Mawu oti "akuba" akulowani mpaka m'mafupa, makamaka mukakumbukira kuti Lachisanu munagona 1 koloko usiku mukukongoletsa keke imeneyo. Ikani foni pansi. Yankho lolembedwa mtima uli m'mwamba limaonekera, ndipo ngakhale Google imalola kulikonza kapena kulifufuta pambuyo pake, wolemba ndemangayo amalandira uthenga mukangoyankha. Akalijambula n'kuliponya m'gulu la WhatsApp la kutchalitchi kapena la kuntchito kwawo, kufufuta kwanu sikuthandizanso kanthu. Komanso musadikire sabata. Tsiku limodzi kapena awiri ndi okwanira kuti mtima utsike ndiponso kuti mudziwe chinachitika.

Nthawi imeneyi ndi yofufuza, ndipo pa sitepe imeneyi m'pamene ambiri amadumpha. Tsegulani buku la maoda muone tsiku, nthawi imene munagwirizana ndi mtengo. Pezani meseji ya Airtel Money kapena Mpamba yotsimikizira kuti ndalama inalowa. Werenganinso zimene munalemberana pa WhatsApp, chifukwa nthawi zina mumapeza kuti munalonjezadi 2 koloko pomwe m'mutu mwanu munali 4. Yang'anani pa foni ya pashopu kuti panabwera mafoni angati osayankhidwa ndipo nthawi yanji. Kenako funsani mtsikana amene anali pa kauntala ndi wa kabaza amene ananyamula keke, aliyense payekha, modekha, osati ngati mukufuna woti mumudule malipiro. Mukayamba ndi ukali adzakuuzani zimene mukufuna kumva, inu n'kukalemba bodza pagulu osadziwa.

M'nkhani yathuyi tinene kuti mwapeza izi. Keke inali yokonzeka m'mawa. Amene mumamutuma masiku onse ndi galimoto anali ku ukwati wina, ndiye mtsikana wanu anaitana wa njinga yamoto cha m'ma 3 koloko. Bokosi analimangirira kumbuyo, dzuwa likuswa mtengo, msewu wake wa mabampu. Foni ya pashopu inali pa chaja kuseri ndipo ikuonetsa mafoni asanu ndi limodzi osayankhidwa. Apa ndiye kuti mayiyu wanena zoona pa zinthu zitatu: kuchedwa, kuwonongeka kwa keke ndi kusayankha foni. Pamene wapyola malire ndi pa mawu oti "akuba" pokha. Mukasiyanitsa chonchi mwadziwa kale chimene yankho lanu lidzakambe: zitatu zoonazo. Mawu achipongwewo asiyeni, musawatchule n'komwe. Owerenga ali ndi nzeru, amadziwa kuti munthu wokwiya amawonjezera.

Chachiwiri: sankhani chimene mumuchitire musanalembe

Kupepesa kopanda kanthu m'manja sikuvuta, ndipo anthu anakuzolowera. Musanagwire foni, khalani pansi muone chimene mungakwanitse. Kodi mubweza ndalama yonse, theka, kapena ya thiransipoti yokha? Pa keke imene yafika phwando litatha komanso itawonongeka, ine ndimaona kuti kubweza yonse ndiko kolungama, chifukwa chimene mayiyu anagula si ufa ndi shuga ayi, anagula keke yoti idulidwe 2 koloko ana akuimba. Kumulonjeza keke ina yaulere kumamveka bwino kwa inu, koma kwa iye tsiku lobadwa la mwana likubweranso chaka chamawa.

Samalani ndi kuyankha kuti "kuno sitibweza ndalama." Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limalandira madandaulo a ogula m'dziko muno, lakhala likuchenjeza amalonda za zikwangwani zokana kubweza katundu kapena ndalama ngakhale katunduyo ali wolakwika. Mukalemba mawu amenewa pa Google ndiye kuti mwamupatsa kasitomala umboni wolembedwa ndi dzanja lanu lomwe.

Chachitatu: lembani, koma osati pa Google kaye

Lembani papepala kapena pena paliponse pa foni pomwe chala sichingatsetsereke n'kutumiza. Yambani ndi ulemu wathu wa masiku onse. Ngati dzina la pa akaunti likuonetsa kuti ndi mayi kapena bambo, nenani "Mayi" kapena "Bambo", ndipo gwiritsani "inu" kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale mukudziwa kuti ndi kamtsikana kamsinkhu wa mwana wanu. Za "sisi", "mami" kapena "bwana wanga" zisiyeni pa kauntala. Kwa munthu wokwiya zimamveka ngati mukumunyengerera kapena kumuseka. Ngati pa akaunti pali dzina longopeka, musalembe dzina lake lenileni limene lili m'buku lanu la maoda. Iye anasankha kusadzionetsa. Yankhaninso m'chilankhulo chimene walembera: walemba Chichewa, muyankheni Chichewa. Kuyankha ndemanga ya Chichewa ndi Chingerezi cha mu ofesi kumaoneka ngati mwavala jekete kuti mumuopseze.

Mtima wa yankho lonse ndi chiganizo chopepesa, ndipo apa m'pofunika kuchedwapo. Yerekezani ziganizo ziwiri izi. China chikuti, "Pepani ngati simunakhutire ndi ntchito yathu." China chikuti, "Pepani kuti keke inafika 4:30 m'malo mwa 2 koloko, itawonongeka, ndipo mutaimba sitinayankhe." Choyambacho sichikuvomera kanthu. Chikukankhira vuto mumtima mwa kasitomala, ngati kuti keke inali bwinobwino koma iye ndi wovuta kumusangalatsa. Chachiwiri chikutchula zimene zinachitika chimodzichimodzi, ndipo mayi wa ku Chilomoni uja akuona kuti mwiniwake wawerengadi dandaulo, wafufuza, ndipo sakubisala. Anthu ambiri amaopa kuti kuvomera pagulu kuwathamangitsira makasitomala. Koma kulakwitsako kwalembedwa kale pamwambapo, aliyense wakuwerenga. Chimene sanadziwe n'choti inu mumatani zinthu zikalakwika, ndipo n'chimene akufuna kudziwa asanakutumizireni dipoziti.

Chifukwa chake chinenedwe m'chiganizo chimodzi, ndipo chikhale pamutu panu. Mukati "wa kabaza ndiye anachedwa" kapena "mtsikana wathu watsopano analakwitsa," wowerenga amafunsa kuti nanga anamutuma ndani. Chimodzimodzi ndi kuthima kwa magetsi kapena mizere ya mafuta. Zingakhale zoona, ndipo aliyense mu Blantyre muno akuzidziwa, koma kuthima kwa magetsi sikuletsa munthu kuimba foni 1 koloko kunena kuti mayi, tichedwa. Nthawi zambiri chimene chimakwiyitsa kasitomala mpaka kukalemba pa Google si kuchedwako, koma kukhala chete kwanu pamene iye akuyang'ana kumsewu alendo ali pakhomo.

Kenako nenani chimene mwasintha, chenicheni, chimene munthu angachione ndi maso. "Tiyesetsa kuchita bwino" si kanthu. Pomaliza muitaneni kuti mukambirane panokha, ndipo ikani nambala ya bizinesi imene mudzayankhe ndinu. Yankho lonse likhoza kukhala chonchi:

"Mayi, zikomo potiuza. Ndine mwini wake wa shopuyi ndipo ndafufuza zimene zinachitika Loweruka. Mwanena zoona: keke inafika 4:30 m'malo mwa 2 koloko, inawonongeka panjira, ndipo mutaimba sitinayankhe. Pepani kwambiri, makamaka poti linali tsiku la mwana wanu. Tinalakwitsa potumiza keke ya kirimu pa njinga yamoto. Kuyambira sabata ino makeke onse tikumatumiza pa galimoto, ndipo Loweruka pali munthu amene ntchito yake ndi kuyankha foni. Ndikufuna tikonze nkhani ya ndalama zanu. Ndikuimbirani lero masana, kapena mundipeze pa nambala ya shopu imene ili patsamba lino."

Onani zimene mulibe. Mulibe mawu oti "koma". Mulibe mbiri yoti takhala tikuphika makeke zaka zambiri popanda wodandaula, chifukwa kutero n'kumuuza kuti vuto ndi iyeyo. Mulibe kutsatsa makeke a Khirisimasi kumapeto. Mulibenso ndalama yeniyeni imene mubweze. Imeneyo mukambirane pa foni, chifukwa mukailemba pagulu mwaphunzitsa anthu ena osaona mtima kuti nyenyezi imodzi ndi njira yopezera keke yaulere. Ndipo musalembe kuti mwasintha chinthu chimene simunasinthe. Oda yotsatira ikafika pa njinga yamoto, ndemanga yachiwiri idzakhala yowawa kuposa yoyamba, ndipo idzatchula yankho lanu lomweli.

Musanatumize, patsani munthu amene sanali nawo pa nkhaniyi awerenge, ndipo mumufunse funso limodzi: pali pamene ndikumveka ngati ndikumubaya? Mawu ngati "monga mukudziwira", "tikukumbutseni kuti" kapena "Mulungu akukhululukireni" amalowa okha osawaona. Otsirizawa ndi ofala kwambiri kuno kwathu, ndipo aliyense amadziwa kuti amatanthauza kuti wolakwa ndi kasitomalayo.

Chachinayi: tumizani, kenako imbani

Kuti muthe kuyankha ngati mwini, bizinesi yanu iyenera kukhala yotsimikizidwa pa Google Business Profile, imene kale inkatchedwa Google My Business. Lowani ndi akaunti ya Google imene imayang'anira bizinesiyo, lembani dzina la bizinesi yanu pa Google, dinani Read reviews, kenako Reply pansi pa ndemangayo. Musayankhe polemba ndemanga ina ndi akaunti yanuyanu n'kudzipatsa nyenyezi zisanu. Google imaletsa zimenezo, ndipo owerenga amazindikira. Yankho likapanda kuoneka nthawi yomweyo musalitumize kawiri, chifukwa limayamba launikidwa kaye.

Mwalonjeza kuimba, ndiye imbani tsiku lomwelo. Mphindi zoyambirira ndi zake: musiyeni alankhule mpaka atope, musamudule ngakhale akuwonjezera. Akamaliza nenani chimene mwasankha, tumizani ndalamayo mukadali pa foni, ndipo sungani meseji yake. Chimene simuyenera kuchita n'kumangirira ndalamayo ku ndemanga, kunena kuti ndikubwezerani mukafufuta zimene munalemba. Malamulo a Google amaletsa kupereka ndalama, kuchotsera mtengo kapena mphatso pofuna kuti munthu asinthe kapena achotse ndemanga, ndipo kasitomala wochenjera akhoza kungowonjezera pa ndemanga yake kuti anafuna kundigula. Bwezani chifukwa munalakwitsa. Pakapita masiku, nkhani itatha bwino, mukhoza kunena kamodzi kokha kuti ngati akuona kuti n'koyenera akhoza kuwonjezera pa ndemanga yake mmene zinathera, poti wolemba ali ndi mwayi wosintha mawu ndi nyenyezi zake. Akakana, kapena akangokhala chete, zisiyeni.

Nanga kasitomala akakhala kuti ndiye wolakwa?

Tisinthe nkhani ija pang'ono. Mwafufuza ndipo mwapeza kuti pa WhatsApp mayiyu analemba yekha kuti keke ifike 4 koloko, ndipo anadzasintha maganizo Loweruka masana. Apa mayesero ndi aakulu: kujambula zimene munalemberana n'kuziika pagulu, kapena kulemba kuti "nanga si inu munatsala ndi ngongole ya keke ya chaka chatha?" Musatero. Nambala yake, kumene amakhala, dzina la mwana wake, ngongole yake, zonsezi anakupatsani chifukwa cha malonda, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024. Ngakhale lamulolo likanakhala kulibe, wowerenga akaona mukuyalutsa kasitomala mmodzi amadziwa kuti tsiku lina adzakhala iyeyo. Zili ngati kukangana ndi munthu pakhonde la shopu anthu ali pamzere: mukhoza kupambana mkanganowo, koma mukacheuka mupeza mzere watha.

Choonadi chinenedwe, koma kamodzi ndiponso mosabaya: "Mayi, pepani kuti tsiku la mwana wanu silinayende mmene munafunira. M'buku lathu oda imeneyi inalembedwa kuti ifike 4 koloko, ndipo n'kutheka kuti sitinamvane pamene nthawi inasintha. Pa kuwonongeka kwa keke ndi kusayankha foni, kulakwa n'kwathu. Tiimbireni tione limodzi zimene tinalemberana." Apa mwateteza mbiri yanu popanda kumutcha wabodza, ndipo mwavomera gawo limene ndi lanudi. Kawirikawiri gawo lotero limakhalapo ndithu. Akasintha ndemanga yake n'kuwonjezera ukali, musalowe mu mpikisano wosinthana mawu. Yankho limodzi lodekha lakwana. Zomuopseza ndi maloya kapena apolisi pagulu, chifukwa cha keke ya K65,000, zimangokuonetsani ngati munthu woopsa kugula naye.

Pali ndemanga zina zimene si za kasitomala n'komwe: wantchito amene munamuchotsa, wopikisana naye malonda, kapena munthu amene wasokoneza shopu yanu ndi ina ya dzina lofanana ku Limbe. Zizindikiro zake n'zoti satchula chimene anagula kapena tsiku, amatchula zinthu zimene simugulitsa, kapena zimabwera zingapo usiku umodzi kuchokera ku maakaunti amene sanalembepo kwina kulikonse. Zotere mukhoza kuzinenera podina Report review n'kusankha chifukwa chake. Google imachotsa zophwanya malamulo ake, monga zabodza, zotukwana, zoopseza kapena zolembedwa ndi wopikisana nanu, koma siichotsa ndemanga chifukwa choti mwiniwake sakugwirizana nayo, ndipo siiweruza kuti pakati pa inu ndi kasitomala akunena zoona ndani. Kuunikako kumatenga masiku, choncho podikira lembani mwachidule: "Zikomo. Tayang'ana m'mabuku athu ndipo sitinapeze oda yofanana ndi imene mwafotokozayi. Ngati munagula kwa ife, tiimbireni ndi tsiku lake kuti tikonze." Musanene kuti tikudziwa amene wakutumani, chifukwa mwina ndi mwamuna wa kasitomala wanu weniweni amene walemba ndi akaunti yake.

Wina amangoika nyenyezi imodzi osalemba liwu lililonse. Ameneyu muyankheni ndi ziganizo ziwiri: kuti mwaona sanakondwe, ndipo mukufuna kumva chinalakwika pa nambala yakuti. Kulemba ndime yonse yopepesa pa chinthu chimene simukuchidziwa n'kudzinamiza.

Pa Facebook zinthu n'zosiyana pang'ono. Kuyambira 2018 munthu sasankhanso nyenyezi koma amangonena ngati akulimbikitsa ena kugula kwa inu kapena ayi, ndipo pansi pake aliyense akhoza kuthirirapo ndemanga. Apa vuto lalikulu ndi achibale ndi anzanu amene amabwera kudzakumenyerani nkhondo. Mlamu wanu akalemba kuti "amenewa ndi a nsanje, asiyeni," owerenga amatenga mawuwo ngati anu. Auzeni kuseri kuti akhale chete, ndipo yankhani ndi dzina la tsamba la bizinesi, osati ndi akaunti yanu imene ili ndi zithunzi za kunyanja. Musawatumenso kukathira nyenyezi zisanu pa Google kuti akwirire imodzi ija. Ndemanga zisanu ndi ziwiri zimene tinawerengera zija zichokere kwa anthu amene agulapodi: mukapereka keke yotsatira ndipo mwini wake watumiza chithunzi akuthokoza, mutumizireni linki imene imapezeka pa Ask for reviews, ndipo mumupemphe alembe zimene waona.